Kusankha filiji kapena filiza ya sola: mayuniti ake m'chipinda chotentha

Munthu akapita kukagula filiji yoti aziyendetsa ndi magetsi a dzuwa, funso loyamba lomwe amafunsa wogulitsa limakhala lakuti filijiyo ndi ya mawati angati. Akamva kuti ndi 100, amayerekeza ndi mababu angapo a m'nyumba, mtima nkukhala pansi. Koma nambala imeneyi imangonena mphamvu yomwe kompuresa, injini yaing'ono yomwe imalira kumbuyo kwa filiji, imakoka pa nthawi yomwe ikuyenda, ndipo siyinena kuti pa maola 24 idzayenda maola angati. Mafiliji awiri a mawati 100 akhoza kusiyana kutali, ina nkumayenda maola 6 patsiku, inzake maola 18, ndipo kusiyana kumeneku ndi komwe kumachititsa kuti batire la munthu wina likhale zaka pamene la mnzake latha chaka chisanathe.

Muyeso woyenera kuugwiritsa ntchito ndi womwe aliyense wogula magetsi a ESCOM amaudziwa kale, yuniti. Yuniti imodzi ndi mphamvu yomwe chipangizo cha mawati 1,000 chimadya pa ola limodzi, kapena cha mawati 100 pa maola 10, ndipo pa zipangizo imalembedwa kuti kWh. Filiji yabwino imabwera ndi chikalata chomata pachitseko chosonyeza mayuniti omwe imadya pachaka. Nambalayo mukaigawa ndi 365 mumapeza mayuniti a patsiku, ndipo kuchokera pamenepo ndi pomwe kukula kwa mapanelo, batire ndi inveta, chipangizo chosintha magetsi a batire kukhala ngati a ESCOM, kumawerengedwa. Filiji yomwe ilibe nambalayi paliponse, kaya pachitseko kapena m'kabuku kake, ndi yofunika kuiyeza musanaikhulupirire.

Nambala ya pachikalatayo ilinso ndi malire ake. Imapezeka poyeza filijiyo m'chipinda choyeseramo, chomwe kutentha kwake kumasungidwa pamlingo woikika, ndipo pa zikalata zambiri nambalayo imafanana ndi kukhala m'nyumba ya madigiri pafupifupi 25. M'golosale yofolera malata yopanda siling'i ku Nchalo, ku Nsanje kapena ku Mangochi, masana a mwezi wa Okutobala ndi Novembala, kutentha kwa mkati kumapitirira madigiri 35 mosavuta, ndipo ku Chigwa cha Shire panja penipenipo pamafika 40. Filiji yomweyo, ikaikidwa m'chipinda chotero, imadya mosiyana ndi zomwe zinalembedwa.

Chifukwa chake chili pawiri. Filiji siipanga kuzizira, koma imatunga kutentha komwe kwalowa mkati nkukakutaya kunja, monga momwe msodzi amakapira madzi m'bwato lochucha. Kutentha kumalowa kudzera m'zipupa zake molingana ndi kusiyana kwa mkati ndi kunja. Ngati mkati muli madigiri 4 ndipo chipinda chili pa 25, kusiyanako ndi 21. Chipinda chikafika pa 35, kusiyanako kumakhala 31, kutanthauza kuti kutentha kolowa kwawonjezeka ndi pafupifupi theka. Chachiwiri nchakuti kutaya kutenthako m'mpweya womwe watentha kale nkovuta, choncho kompuresa imadya magetsi ambiri pa ntchito yofanana. Zinthu ziwirizi zikaphatikizana, filiji wamba ikhoza kudya pafupifupi kuwirikiza kawiri zomwe zili pachikalata. Filiza yomwe mkati mwake muli madigiri 18 pansi pa ziro siyikwera motero, popeza kusiyana kwake kumangochoka pa 43 kufika pa 53, komabe nkwanzeru kuwonjezera theka pa nambala yake.

Pali chilembo china chomwe ogula ambiri sachiyang'ana. Pa kachitsulo kapena kapepala komata kumbuyo kwa filiji, kapena mkati mwake pambali, pamalembedwa gulu la nyengo yomwe inapangidwira. Ya SN ndi ya N inapangidwira zipinda zosapitirira madigiri 32, ya ST imafika 38, pamene ya T imafika 43. Kwa munthu wa ku Dedza kapena ku Mzuzu nkhaniyi siyaikulu, koma kwa wa m'mphepete mwa nyanja ndi wa ku Chigwa cha Shire, chilembo T ndicho choyenera kuchifunafuna, kaya chili chokha kapena cholembedwa SN-T. Apa mpofunika kusamala ndi mafiliji ogwiritsidwapo kale ntchito omwe abale amatumiza kuchokera ku Mangalande, chifukwa ena mwa iwo anapangidwira nyumba zozizira. Ikafika kuno filiji yotero imayenda osapuma masana onse, mkati osazizira mokwanira, ndipo mwini wake amaganiza kuti gasi watha pamene vuto ndi nyengo.

Mtundu wa chipangizo

Mwa zonse zomwe zimapezeka m'masitolo, yomwe imagwirizana kwambiri ndi sola ndi filiza yogona, ija yotsegula pamwamba ngati bokosi, yomwe ambiri amangoitcha dipufiliza. Zipupa zake zimakhala zochindikala kuposa za filiji yoimirira, chivindikiro chake chimadzitsekera ndi kulemera kwake, ndipo popeza mpweya wozizira ndi wolemera kuposa wotentha, umakhalabe mkati mukatsegula, pamene mu filiji yoimirira umakhuthukira pansi nthawi iliyonse yomwe mwana watsegula chitseko. Poyerekeza mafiliza awiri ofanana kukula, yezani kuchindikala kwa chipupa ndi zala zanu. Yochindikalayo imaoneka ngati ikukuberani malo, koma ndi yomwe idzasamale batire lanu.

Mafiliji olembedwa No Frost ali ndi fani yoyendetsa mpweya komanso waya wotenthetsa womwe umayaka nthawi ndi nthawi kusungunula ayezi. Kwa wa magetsi a ESCOM zimenezi ndi zopeputsa ntchito, koma pa sola waya ameneyu amatha kuyaka pakati pa usiku, nthawi yomwe mphamvu iliyonse ikuchokera m'batire. Mafiliji a chitseko chagalasi, aja oonetsera zakumwa, ndiwo oipitsitsa pa nkhaniyi, chifukwa galasi limalowetsa kutentha kwambiri ndipo nyali ndi fani zake sizipuma. Imodzi ikhoza kudya mayuniti angapo patsiku. Ndikudziwa kuti ogula amakopeka akaona mabotolo akuwala, koma kukopako kumalipidwa ndi mapanelo ndi mabatire owonjezera.

Mitundu iwiri ina ndi yongoyenera kuipewa. Timabokosi tozizira tolumikiza m'galimoto topanda kompuresa, tomwe timangolira fani, timakoka magetsi mosalekeza ndipo timangotsitsa kutentha ndi madigiri 15 mpaka 20 poyerekeza ndi a m'chipinda, motero m'chipinda cha 35 nyama singasungike m'menemo. Mafiliji a gasi kapena a palafini, ngakhale ena ali ndi polumikizira magetsi, amazizira pogwiritsa ntchito moto, ndipo akayendetsedwa ndi magetsi amadya kuposa a kompuresa kangapo.

Chisankho chachikulu chimakhala pakati pa filiji wamba ya mavoti 230, yomwe imafuna inveta, ndi filiji ya DC ya mavoti 12 kapena 24, yomwe imalumikizidwa ku batire mwachindunji. Ya DC ndi yokwera mtengo pogula ndipo amisiri ake ndi ochepa kumidzi, koma siyifuna inveta, imanyamuka pang'onopang'ono osagwedeza batire, ndipo yambiri imadzizimitsa batire likatsika kwambiri. Chomwe chimaivuta ndi mawaya. Pa mavoti 12, waya woonda kapena wautali amadya gawo la mphamvu m'njira, filiji nkumazima ngati batire latha pamene lili ndi moto. Lamulo losavuta kukumbukira ndi lakuti waya wa 4 mm² asapitirire mamita 4, wa 6 mm² mamita 6, ndipo pakhale fyuzi pafupi ndi batire. Filiji wamba ndi yotsika mtengo ndipo mmisiri wa pa tauni iliyonse akhoza kuikonza, koma inveta ili ndi msonkho wake, womwe tiuona m'chitsanzo chomwe chikubwera. Kwa amene akungofuna filiji, mababu ndi kutchaja foni, ndimaona kuti ya DC imawathandiza kwambiri. Amene ali kale ndi inveta yoyaka usana ndi usiku chifukwa cha zipangizo zina angachite bwino kugula filiza wamba yabwino.

Pali chisokonezo chimodzi chomwe ogulitsa ena sachiwongola. Filiji yolembedwa Inverter pachitseko siyitanthauza kuti ili ndi inveta ya sola mkati, ndipo simungailumikize ku batire. Mawuwo akutanthauza kuti kompuresa yake imatha kusintha liwiro, mmalo mongoyaka ndi kuzima. Ndi yabwino ndithu pa sola, chifukwa imanyamuka mofatsa ndipo kawirikawiri imadya pang'ono, koma imafunabe mavoti 230.

Chitsanzo cha golosale ya mafilizesi

Tiyerekeze kuti mayi wina ali ndi golosale pafupi ndi sukulu ku Ngabu, ndipo akufuna kumagulitsa mafilizesi 50 patsiku, lililonse la mamililita 100, kutanthauza malita 5 a madzi oti aundane tsiku lililonse. Wapeza filiza yogona ya malita 200, ya gulu la T, yomwe kompuresa yake imakoka mawati 100, ndipo chikalata chake chikuti imadya mayuniti 240 pachaka.

Tikagawa 240 ndi 365 tipeza yuniti 0.66 patsiku. Powonjezera theka chifukwa cha kutentha kwa chipinda, tifika pa yuniti imodzi. Imeneyi ndi yongosunga kuzizira, asanaikemo kanthu katsopano, ndipo apa ndi pomwe ambiri amalekezera kuwerengera, nkuiwala ntchito yeniyeni yomwe anagulira filizayo. Kuziziritsa lita imodzi ya madzi ndi digiri imodzi kumafuna kuchotsamo kutentha kwa 1.16 Wh, pomwe 1,000 Wh ndi yuniti imodzi, choncho kuchoka pa madigiri 30 kufika pa ziro ndi 35 Wh. Koma kuti lita yomweyo, itafika kale pa ziro, isanduke ayezi, pamafunika kuchotsamo 93 Wh, ndipo kutsitsa ayeziyo ndi madigiri ena 10 kumawonjezera 6 Wh. Zonse pamodzi ndi 134 Wh pa lita, kapena 670 Wh pa malita 5. Kompuresa ya filiza yotere, m'chipinda chotentha, tingoiyerekeza kuti imachotsa kutentha kwa 1.3 Wh pa 1 Wh iliyonse ya magetsi, motero mafilizesi a tsikulo adya pafupifupi theka la yuniti. Filizayo tsopano ikufuna yuniti 1.5 patsiku, kutanthauza kuti kompuresa ya mawati 100 iziyenda maola 15 mwa 24.

Tsopano msonkho wa inveta. Posintha magetsi a batire kukhala a mavoti 230, gawo lina limatayika ngati kutentha, ndipo tikatenga kuti 88 pa 100 aliwonse ndiwo amadutsa, yuniti 1.5 ija imafuna 1.7 kuchokera ku batire. Kuwonjezera apo inveta imadya ikangokhala yoyaka, ngakhale filiza ili phee. Ya mawati 15 pa maola 24 imadya yuniti 0.36, kuposa theka la zomwe zinalembedwa pachikalata cha filiza ija. Zonse pamodzi ndi mayuniti pafupifupi 2.1. Ichi ndi chifukwa chake sibwino kugula inveta yaikulu ya mawati 3,000 poyendetsa filiza imodzi, popeza zazikulu zimadya kwambiri zikangokhala. Koma yaing'ono kwambiri nayonso siyithandiza, chifukwa kompuresa wamba ponyamuka imakoka mphamvu yoposa yanthawi zonse kasanu kapena kupitirira, kwa kamphindi kochepa. Kwa filiza iyi inveta ya mawati 1,000 ndi yokwanira, ndipo ikhale yolembedwa Pure Sine Wave, chifukwa zotsika mtengo zolembedwa Modified Sine Wave zimatenthetsa kompuresa ndi kuifupikitsira moyo.

Mapanelo amawerengedwa potengera nyengo yovuta, osati yabwino. Dzuwa la kuno ndi lokwanira, koma mu Januwale ndi Febuluwale mitambo imalichepetsa, motero tiwerengere maola 4.5 a dzuwa lamphamvu patsiku. Fumbi, kutentha kwa mapanelo, mawaya ndi kutchaja batire zimadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, choncho mawati 1,000 a mapanelo angapereke mayuniti pafupifupi 3.4 patsiku. Pofuna 2.1 pafunika mawati opitirira pang'ono 600, mwachitsanzo mapanelo awiri a mawati 330, oyang'ana kumpoto. Amene anauzidwa kuti filiza ya mawati 100 ingoyenda ndi panelo ya mawati 150 akhoza kuona apa pomwe masamuwo anasokonekera.

Nkhani ya batire ndi yomwe imaonetsa bwino kuti nthawi yoikira katundu ndi yofunika. Dzuwa lothandiza, lamphamvu ndi lofooka lomwe, limakhalapo pafupifupi maola 9, ndipo maola 15 otsalawo filiza imadalira batire. Mayiyu akaika mafilizesi ake m'mawa cha m'ma 8 koloko, kompuresa imayenda masana onse ndi mphamvu ya mapanelo nkumaliza ntchito yaikulu dzuwa lisanalowe, ndipo usiku imangosunga kuzizira. Pamenepo batire limapereka yuniti 0.9, kuphatikizapo za inveta. Batire la asidi kapena la jelo la 12V 200Ah limasunga mayuniti 2.4, koma loyenera kugwiritsidwa ntchito ndi theka lokha, yuniti 1.2, ngati mukufuna kuti likhalitse. Likukwanira, ngakhale kuti palibe zotsalira za tsiku la mvula. Koma mayi yemweyo akamaika mafilizesiwo madzulo atatseka golosale, monga momwe ambiri amachitira pofuna kuti m'mawa apeze ataundana, theka la yuniti lija limasamukira ku batire, ndipo usiku umodzi umadya yuniti 1.5. Batire lomwe likutsitsidwa chotero usiku uliwonse, m'chipinda chotenthanso, limafooka msanga, chifukwa mabatire a asidi moyo wawo umachepa ndi pafupifupi theka pa madigiri 10 aliwonse opitirira 25. Njira yabwino ndi yoti a lero aundane lero masana, agone mu filiza, agulitsidwe mawa. Batire la lithiyamu la 24V 100Ah, lomwe limasunga mayuniti pafupifupi 2.5 ndipo limalola kugwiritsa ntchito 2, lingapirire zonsezi ndi kusiya zina za tsiku la mitambo, kungoti mtengo wake pogula ndi wokwera ndipo limafuna inveta ya mavoti 24.

Masamu omwewa akuonetsanso malire a bizinesiyi. Pa maola 9 a dzuwa kompuresa ya mawati 100 singadye kuposa yuniti 0.9, ndipo 0.4 mwa imeneyi ndi yosunga kuzizira, motero yotsalira kuundanitsa ndi theka la yuniti lokha, malita 5 aja. Malonda akayenda bwino mayiyu nafuna mafilizesi 100, kuwonjezera mapanelo kokha sikungathandize, chifukwa kompuresa singathamange kuposa mphamvu zake, ndipo ntchito yotsalayo idzagwera usiku. Adzafunika batire lalikulu kapena filiza yachiwiri. Nambala yolembedwa kg/24h pa chikalata cha filiza imanena makilogalamu omwe ingathe kuundanitsa pa tsiku lathunthu, ndipo wogulitsa nsomba kapena nkhuku ayenera kuiyang'ana kuposa kukula kwa bokosi.

Kuchepetsa zomwe imadya

Digiri iliyonse yomwe mwachotsa m'chipinda ndi yotsika mtengo kuposa panelo. Malata otenthedwa ndi dzuwa amawalira kutentha kwawo pansi, pa chivindikiro cha filiza penipeni, motero siling'i, ngakhale ya mphasa kapena ya bango, imasintha zinthu kwambiri. Kupaka malata penti yoyera pamwamba kumathandizanso, monganso mabowo a mpweya m'munsi ndi m'mwamba mwa khoma, oti mpweya wotentha uzitulukira kumwamba. Filiji isaikidwe pakhoma la kumadzulo, lomwe limawombedwa ndi dzuwa la masana nkumatulutsa kutenthako mpaka usiku, isakhale pomwe dzuwa limalowera pazenera kapena pakhomo, ndipo ikhale kutali ndi mbaula. Filiji yokha nayonso imatenthetsa chipinda, chifukwa zonse zomwe yachotsa mkati pamodzi ndi magetsi omwe yadya zimathera m'mpweya womwewo, choncho kachipinda kosungira katundu kotsekedwa usana wonse ndi malo oipa kwambiri, ngakhale kali kotetezeka kwa akuba.

Kumbuyo ndi m'mbali musiye mpata wa masentimita 10 kapena kuposerapo. Apa ndikhalepo pang'ono, chifukwa pali chizolowezi chomwe chimaoneka chanzeru koma chimawononga. Ndinalowapo m'golosale ina kunyanja komwe mwini wake anafunditsa filiza yake bulangete lochindikala kuyambira pamwamba mpaka pansi, nkuunjika matumba a shuga m'mbali mwake, poganiza kuti akuisungira kuzizira. Ankadandaula kuti inveta imalira alamu cha m'ma 3 koloko m'bandakucha. Nditalowetsa dzanja pansi pa bulangetelo, chipupa chinali chotentha ngati mphika wongotsitsidwa pamoto. Mafiliza ambiri ogona alibe zitsulo zakuda zija kumbuyo. Timapaipi totayira kutentha tinabisidwa pansi pa chitsulo cha zipupa zake, ndipo ndi chifukwa chake m'mbali mwake mumafunda ikamayenda. Kufunditsa zipupa zotero nkutseka njira yokhayo yomwe kutentha kumatulukira. Titachotsa bulangete ndi matumba aja nkukokera filizayo patali ndi khoma, kompuresa inayamba kupuma, chinthu chomwe sinkachita. Musanaphimbe mbali iliyonse, igwireni kaye kompuresa itayenda kwa kanthawi: pomwe pakufunda pasiyeni poyera. Chivindikiro ndicho chimalola kuyalapo chinthu chochindikala, bola chisalendewere m'mbali. Kwa filiji yomwe ili ndi zitsulo kumbuyo, fumbi ndi ndandaule zomwe zimakutira zitsulozo zimagwira ntchito ya bulangete lomwelo, ndipo nzofunika kuzisesa mutazimitsa magetsi.

Labala wa pachitseko amayezedwa ndi ndalama ya pepala. Itsekereni pachitseko nkuikoka. Ikatuluka mosavuta, pamenepo pakulowa mpweya, ndipo yesani motero kuzungulira chitseko chonse. Mpweya wolowawo umabwera ndi chinyezi, makamaka m'nyengo ya dzinja, ndipo chinyezicho chimasanduka ayezi m'zipupa za mkati. Ayezi akachindikala kupitirira theka la sentimita amatchinga kuzizira kuti kusafike ku katundu, kompuresa nkumayenda nthawi yaitali. Muzimitse filizayo ayeziyo asungunuke yekha. Kugoba ndi mpeni ndi njira yachidule yoboolera kapaipi, ndipo gasi wa R600a yemwe ali m'mafiliji ambiri atsopano amayaka moto.

Kabatani kosinthira kuzizira kasaikidwe pa nambala yomaliza popanda chifukwa. Filiji imafuna madigiri 4 kapena 5, filiza yosunga nyama ndi nsomba kwa nthawi yaitali imafuna 18 pansi pa ziro, ndipo kutsika kupitirira apo nkungotaya magetsi. Manambala a pa kabataniko si madigiri, motero kachipangizo koyezera kutentha koikidwa mkati ndi komwe kangakuuzeni zoona. Thobwa, madzi owiritsa ndi ndiwo zizizire kaye panja zisanalowe, chifukwa lita ya madzi yolowa ili pa madigiri 60 mmalo mwa 30 imabweretsa 35 Wh ina yoti ichotsedwe. Madzi ogona mu mtsuko usiku amakhala abwino koposa kupangira mafilizesi m'mawa.

Malo opanda kanthu mu filiza angasandutsidwe nkhokwe. Mabotolo a madzi, osadzaza mpaka kukamwa popeza madzi amafufuma akaundana, amasunga 93 Wh pa lita iliyonse ya ayezi, ndipo ayeziyo amapangidwa masana ndi dzuwa lomwe likanangotayika batire litadzaza. Mafiliji osungira katemera omwe amayendetsedwa ndi mapanelo popanda batire amagwira ntchito mwa njira yomweyi, pokhala ndi ayezi m'zipupa zawo. Pakhomo, ena amaika wotchi yozimitsira magetsi kuti filiza ndi inveta zipume usiku. Kwa zakumwa njirayi ndi yabwino, koma kumbukirani kuti ayezi wa madzi wamba amasungunukira pa ziro, pamene mafilizesi, chifukwa cha shuga, amayamba kufewa asanafike pa ziro, ndipo nyama yomwe ikufewa ndi kuundananso tsiku ndi tsiku imawonongeka. Mabotolo a madzi a mchere amasungunukira pansi pa ziro, motero amateteza bwinoko. Musanadalire njirayi pa nyama, yezani kutentha kwa mkati m'mawa kwa masiku angapo. Ndipo kompuresa ikazima, pazifukwa zilizonse, ipatsidwe mphindi 5 isanayatsidwenso.

Amene safuna kuundanitsa kanthu, koma kungoziziritsa mkaka, masamba ndi zakumwa, akhoza kuyendetsa filiza yogona ngati filiji. Ena mwa mafiliza amabwera ndi kabatani kolola zimenezi, ndipo pa ena mmisiri amaikapo chipangizo chozimitsa magetsi mkati mukafika madigiri 4. Chifukwa cha zipupa zake zochindikala, yotero kawirikawiri siyifika theka la yuniti patsiku, kungoti pansi pake pamadikha madzi ofunika kupukuta.

Kuyeza ndi kuzindikira vuto

Masamu onsewa amaposedwa ndi muyeso weniweni, makamaka pa filiji yakale. Pali timamita tolumikiza pa soketi tomwe timawerenga mayuniti, koma mita ya ESCOM yolipiriratu nayonso ingagwire ntchitoyi: kwa mbale wa m'tauni, zimitsani china chilichonse m'nyumba, lembani mayuniti otsala, ndipo muwerengenso patapita maola 24, bola magetsi asazime pakati. Yambani kuwerenga filijiyo itazizira kale, chifukwa tsiku loyamba imadya mopitirira. Kumudzi wotchi ndi khutu zimakwanira. Mverani kwa ola limodzi masana ndi ola lina m'bandakucha, kulemba mphindi zomwe kompuresa yalira. Ngati masana yalira mphindi 35 ndipo m'bandakucha 15, pakatikati pake ndi 25 pa ola, omwe ndi maola 10 patsiku, ndipo pa mawati 100 imeneyo ndi yuniti imodzi.

Khutu lomwelo limathandiza kusiyanitsa mavuto. Kompuresa ikang'ung'udza kwa masekondi ochepa nkumveka kuti thwa, kenako zii, ndipo patapita mphindi zingapo nkubwereza, ndiye kuti ikulephera kunyamuka, ndipo kawirikawiri vuto limakhala inveta yochepa mphamvu, batire lofooka, mawaya oonda pakati pa batire ndi inveta, kapena kachipangizo konyamutsira kompuresa. Isiyeni yozima mpaka vutolo lipezeke. Ikamayenda osapuma koma mkati mukuzizira bwino ndipo zipupa zikutentha kwambiri, yang'anani chipinda, mpata wa m'mbali, labala ndi kuchuluka kwa katundu watsopano. Ikamayenda osapuma, mkati osazizira, zipupa kapena zitsulo za kumbuyo nazonso osafunda, apo ndi pomwe mungaganizire za gasi, ndipo mmisiri ayenera kupeza pomwe pakutuluka asanathire wina, chifukwa filiji yopanda bowo siyitha gasi. Filiza ikamagwira bwino masana koma alamu ya inveta nkumalira m'bandakucha, ndipo ola lolira likumka lifulumira sabata ndi sabata, filizayo ilibe mlandu: batire likutha, kapena mapanelo sakulidzaza, ndipo poyambira ndi kukwera padenga kukapukuta fumbi ndi kuona ngati nthambi ya mtengo wa mango yayamba kuphimba panelo imodzi masana.